Mayina 58, ndalama za anthu 31: kalengezedwe ka m'bindikiro wa achinyamata

*"Zikomo bambo. Ndine mlembi wa achinyamata pa mpingo wathu wa CCAP kuno ku Lilongwe. Tikufuna kukachita m'bindikiro ku Senga Bay pa holide ya Ogasiti, Lachisanu mpaka Lamulungu. Chaka chatha analembetsa anthu 58 koma amene anamaliza kupereka ndi 31, ena anabwera nayo ndalama m'mawa wa tsiku lonyamuka, ndipo tinabwerako ndi ngongole ya mwini galimoto. Ndilembe bwanji chilengezo kuti anthu alemekeze tsiku lomaliza kulembetsa? Nanga tinene ndalama imodzi, kapena ophunzira apereke yocheperako? Ine mwana wanu, mlembi."*

Achemwali, pepala la chilengezo muyambe mwaliika pambali. Lilembedwa pomaliza, ndipo silitenga mphindi khumi. Chimene chimapangitsa anthu kulemekeza tsiku lomaliza si mawu okoma kapena oopseza, koma kudziwa kuti kuseri kwa tsikulo kuli chinthu chenicheni: mipando ya m'galimoto yomwe imatha, ndi mwini malo amene akudikira ndalama yake. Achinyamata amanunkhiza msanga tsiku longopeka. Akaona kuti wobwera mochedwa anakwera nawo bwinobwino, chaka chotsatira onse amachedwa, ndipo sindingawadzudzule.

Ndiye tiyambe ndi masamu. Mitengo imene ndigwiritse ntchito pano ndi yongoyerekeza kuti muone kayendedwe kake. Yeniyeni mukafunse kwa eni ake sabata ino, chifukwa mtengo wa chaka chatha masiku ano ndi nthano.

Ndalama zimene zimatsata mutu ndi zimene sizitsata mutu

Pa ulendo ngati uwu pali ndalama za mitundu iwiri, ndipo ngongole zambiri zimabadwa chifukwa komiti yaziphatikiza. Zina zimakwera ndi kutsika malinga ndi anthu amene abwera. Malo ogona tiyerekeze kuti ndi K8,000 usiku umodzi, masiku awiri K16,000. Chakudya ndi kasanu ndi kamodzi: mgonero wa Lachisanu, katatu Loweruka, kadzutsa ndi nkhomaliro Lamulungu. Mukamaphika nokha, nsima, mpunga, nyemba, usipa, kabichi ndi nkhuku kamodzi, tiike K14,000. Munthu mmodzi ndiye kuti amadya K30,000. Akapanda kubwera, ndalamayo situluka.

Zinazo zilibe nazo ntchito kuti mwabwera angati. Kosita yopita ku Senga Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 120 kudzera msewu wa Salima, n'kukudikirani mpaka Lamulungu, tiike K600,000. Mwini wake saichotsera chifukwa chakuti mipando khumi ilibe anthu. Makosita awiri ndi K1,200,000. Holo yochitira misonkhano, chithokozo ndi thiransipoti ya mlaliki, kangachepe ka amayi ophika, makala ndi bokosi la mankhwala, zonse pamodzi tiike K300,000.

Pali gulu lina limene makomiti amaliiwala chaka ndi chaka: anthu amene amadya ndi kugona koma sapereka. Mlaliki, alangizi awiri, bambo ndi mayi, amayi ophika awiri, ndi madalaivala awiri. Anthu 7 amenewa, pa K30,000 aliyense, ndi K210,000. Mukaphatikiza zonsezi, ndalama yosasuntha ikukwana K1,710,000, aliyense asanadye n'komwe.

Tsopano onani zimene zimachitika. Ngati kosita ili ndi mipando 28 ya okwera (funsani, ndipo muiwerenge nokha, chifukwa eni ake amawerengera ndi timipando topinda tapakati), makosita awiri ndi mipando 56. Chotsanipo isanu ya mlaliki, alangizi ndi ophika, chotsaniponso itatu yakumbuyo imene idzadzaze ndi mapoto, matumba a ufa ndi masipika. Yatsala 48. Komiti yachimwemwe imagawa K1,710,000 kwa anthu 48, imapeza pafupifupi K36,000, imawonjezera K30,000 ija, n'kulengeza K66,000. Tsiku lonyamuka pabwera anthu 30. M'thumba muli K1,980,000, pamene ulendo ukufuna K2,610,000. Kwatsala dzenje la K630,000, ndipo palibe amene waba. Ndikhulupirira kuti mukatsegula buku lanu la chaka chatha mupeza chithunzi chofanana ndi ichi.

Choncho musawerengere pa mipando yodzaza, kapena pa mayina amene ali pa pepala. Werengerani pa anthu amene mukudziwa kuti adzapereka. Poti chaka chatha anali 31, ndipo chaka chino mulengeza msanga, tiike 40. Anthu 40 akudya K1,200,000, kuphatikiza yosasuntha ija ndi K2,910,000. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi, mufike pa K3,200,000. Gawo limeneli musalichite manyazi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atalengeza kale mtengo wa ulendo wa Disembala anauona ukusungunuka m'manja. Ngakhale popanda zoterezi, mafuta akasowa mwini kosita amaimba foni kuti "bwana, dizilo ndagula wa pa chigubu, muwonjezereko."

Kuchokera pa K3,200,000 mungachotse thandizo, koma lokhalo lomwe lili m'manja. Ngati seshoni yavomereza K400,000 ndipo zalembedwa m'maminitsi, chotsani. Ngati munatsuka magalimoto ndi kugulitsa mandasi n'kupeza K200,000 yomwe ili kwa msungichuma, chotsani. Lonjezo la bambo wina wabizinesi amene anati "ana anga, ndidzakuonani" musalichotse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Yatsala K2,600,000 yoti ichokere kwa anthu 40, kutanthauza K65,000 aliyense mukagawa mofanana.

Imodzi kapena ziwiri?

Ine ndimakonda ziwiri, ndipo zisapitirire ziwiri. Mu gulu la achinyamata a mpingo wa m'tauni mumakhala mtsikana wa Fomu 2 amene ndalama yake ichokera kwa mayi ake ogulitsa tomato, mumakhalanso mnyamata wa zaka 29 wogwira ntchito kubanki. Kuwauza onse K65,000 kumaoneka chilungamo papepala, koma mapeto ake m'bindikiro umasanduka wa ogwira ntchito okhaokha, pamene amene munkafuna kwambiri kuti akamve uthenga atsala kunyumba.

Tiyerekeze kuti mwa anthu 40 aja, 25 ndi ophunzira ndipo 15 ndi ogwira ntchito. Ophunzira akapereka K50,000 apeza K1,250,000. Ogwira ntchito akapereka K90,000 apeza K1,350,000. Zakwana K2,600,000 ndendende.

Koma mitengo iwiri ili ndi msampha wake. Chiwerengero cha anthu chikhoza kukwana, ndalama osakwana. Akabwera ophunzira 32 ndi ogwira ntchito 8, anthu ndi 40 omwe aja, koma ndalama ndi K2,320,000. Mwaperewera K280,000, ndipo ndalama ya zadzidzidzi yatsala pang'ono kutha galimoto isanalize injini. N'chifukwa chake msungichuma asamangonena kuti "tafika 35." Azinena kuti ophunzira angati, ogwira ntchito angati. Ogwira ntchito akachepa, muwayendere mmodzimmodzi nthawi ikadalipo, chifukwa ulendowu waima pa iwo. Chosangalatsa n'chakuti mukadutsa 40, ngakhale wophunzira amabweretsa phindu: apereka K50,000, adya K30,000, K20,000 itsala. Mipando 8 yomalizayo ndiyo imakupumitsani.

Mtengo wa wophunzira usatsike kupitirira K30,000 imene iye amadya. Ukatsika, wophunzira aliyense wowonjezera amakulitsa dzenje, ndipo mlembi amayamba kudandaula anthu akamalembetsa ambiri, zomwe ndi zachilendo.

Funso lovuta ndi lakuti wogwira ntchito ndani. Mnyamata amene anamaliza Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo ndipo akungokhala, si wophunzira, komanso salandira kanthu. Wina amayendetsa kabaza, lero apeza mawa sapeza. Musatsegule bwalo la milandu pa zimenezi. Lembani kuti "ophunzira ndi amene sali pa ntchito" mbali imodzi, "ogwira ntchito ndi ochita bizinesi" mbali inayo, munthu adzisankhire yekha. Mmodzi kapena awiri adzanama, ndipo gulu lonse lidzadziwa. Zimenezo n'zotsika mtengo kusiyana ndi kufunsa munthu pagulu kuti amapeza zingati. Kwa amene sangakwanitse ngakhale K50,000, pakhale khomo lakumbali: akaonane ndi alangizi mwakachetechete. Amayi a chigwirizano ndi akulu ampingo ambiri amalipirira mwana wina mosangalala akapemphedwa kuti "tili ndi ana atatu amene akusowa thandizo," popanda kutchula mayina paguwa.

Tsiku lomaliza limachokera kuti

Tiyerekeze kuti mukunyamuka Lachisanu pa 14 Ogasiti n'kubwerera Lamulungu pa 16. Tsikuli lokha muliyang'anitse ndi kalendala ya sukulu komanso ya mpingo, lisagwere pa Lamulungu la mgonero kapena pa msonkhano wa presibitale. Kenako werengani chobwerera m'mbuyo. Eni malo ogona adzafuna chiwerengero chenicheni sabata imodzi kapena kupitirira ulendo usanafike. Mwini kosita adzafuna ndalama ya mafuta masiku angapo asananyamuke. Amayi ophika afunika tsiku lokagula zinthu kumsika ndi lokagayitsa chimanga. Zonsezi sizingachitike ndi mayina. Zimafuna ndalama.

Ndiye tsiku lomaliza likhale Lamulungu pa 2 Ogasiti. Likhale Lamulungu chifukwa ndi tsiku limene aliyense ali pamalo amodzi ndipo msungichuma ali ndi buku la malisiti m'manja. Likhale loyamba la mwezi chifukwa malipiro a kumapeto kwa Julaye amakhala atangolowa, asanathere ku lendi ndi ku ngongole za kugolosale. Mukaliika pa 26 Julaye, makolo ambiri adzakhala asanalandire, ndipo mudzakakamizika kulisuntha. Mukaliika pa 9 Ogasiti, ndalama zatha kale m'nyumba ndipo inu mwatsala ndi masiku anayi okha okonzera zonse. Masiku khumi ndi awiri apakati pa 2 ndi 14 ndi anu a komiti, si a olembetsa.

Kulengeza koyamba kuchitike Lamulungu pa 28 Juni. Chifukwa chake n'chomwecho: pakati pa tsikuli ndi tsiku lomaliza padutse mapeto a mwezi awiri. Mayi wa ana awiri amene akufuna onse apite sangatulutse K100,000 pa malipiro amodzi, koma akhoza kuigawa pawiri. Anthu ambiri amene timawanena kuti ndi ozengereza, vuto lawo n'lakuti tinawauza mochedwa.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri: dzina lopanda ndalama si lolembetsa. Pepala loyendayenda m'tchalitchi loti "amene akufuna kupita alembe dzina" lisakhaleponso. Pepala lotere limadzaza msanga chifukwa kulemba dzina n'kwaulere, wina amalemba poti mnzake walemba, wina amalembera ndi msuweni wake wa ku Mchinji. Komiti imaona mayina ambiri n'kubwereka galimoto yachiwiri. Dzina lilowe m'buku pokhapokha munthu akapereka yoyambira, tinene K20,000, pofika Lamulungu pa 12 Julaye. Ndalama imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Ndi imene mukapereke kwa eni malo ndi mwini kosita kuti akusungireni tsiku, chifukwa Ogasiti ndi mwezi wa maukwati ndi maulendo a makwaya, makosita amasowa. Komanso ndi imene ikuuzeni zoona za chiwerengero.

Pa 12 Julaye madzulo komiti ikhale pansi ndi buku. Ngati opereka yoyambira adutsa 30, pitirizani ndi makosita awiri. Ngati ali pafupi ndi 20, musadzinamize kuti ena abwera: sungitsani kosita imodzi, werengeraninso mtengo, ndipo Lamulungu lotsatira mulengeze kuti mipando yatsala yochepa. Malo oopsa ndi apakati, anthu 25 mpaka 30, ochuluka kuposa kosita imodzi koma osakwana kulipira ziwiri. Pamenepo funsani mtengo wa minibasi yoti iperekeze kosita, kapena pemphani mkulu wampingo wa pikapu anyamule katundu ndi amayi ophika kuti mipando imasuke. Chisankho chimenechi n'chosavuta mu Julaye. Usiku woti mawa mukunyamuka chimadzetsa misozi.

Chilengezo chenichenicho

Amene adzawerenge si inu, ndi mlembi wa mpingo, ndipo tsiku limenelo ali ndi zolengeza za maliro, za maukwati, za chitukuko, za milaga ndi za kwaya ya amayi. Mukampatsa tsamba lodzaza adzalidula yekha ali chiimire, ndipo chimene amadula nthawi zambiri ndi chimene munkachifuna. Mpatseni mawu oti awerenge mu mphindi imodzi, olembedwa ndi zilembo zazikulu, ndipo afike kwa iye Lamulungu lisanakwane, osati kumupatsira kuvesitile abusa akuvala kale mkanjo. Ngati mpingo wanu uli ndi mapemphero a Chingerezi ndi a Chichewa, mapepala akhale awiri, manambala ofanana. Abusa ndi seshoni akhale atavomereza kale malo, tsiku ndi mlaliki. Chilengezo chimene akulu ampingo akuchimvera koyamba paguwa chimafa Lolemba.

Kumbukiraninso kuti amene mukulankhula nawo paguwa si achinyamata. Iwo amva kale pa WhatsApp. Paguwa mukulankhula ndi makolo, amene atulutse ndalama ndi kulola mwana wawo wamkazi kukagona kunyanja masiku awiri. Kholo limafuna kumva zinthu zitatu: ndi zingati, ndani akuwayang'anira, abwera liti. Ine ndingalembe chonchi:

> Achinyamata a mpingo uno adzakhala ndi m'bindikiro ku Senga Bay, ku Salima, kuyambira Lachisanu pa 14 Ogasiti mpaka Lamulungu pa 16 Ogasiti. Ulendowu wavomerezedwa ndi seshoni, ndipo adzapita ndi alangizi awiri, bambo ndi mayi. Ophunzira ndi amene sali pa ntchito apereke K50,000. Ogwira ntchito ndi ochita bizinesi apereke K90,000. Ndalamayi ndi ya galimoto, malo ogona ndi chakudya chonse. Dzina lilembedwa munthu akapereka K20,000 yoyambira pofika Lamulungu pa 12 Julaye. Tsiku lomaliza kupereka ndalama yonse ndi Lamulungu pa 2 Ogasiti. Mipando ilipo 48 yokha. Ndalama iperekedwe kwa msungichuma wa achinyamata yekha, ndipo mulandire lisiti. Akhala pa tebulo pakhomo lalikulu tikatuluka. Tibwereze: K50,000 ndi K90,000, tsiku lomaliza Lamulungu pa 2 Ogasiti.

Onani zimene mulibe. Mulibe "posachedwapa," mulibe "kumapeto kwa mwezi," mulibe "ndalama yochepa chabe." Tsiku lililonse latchulidwa ndi dzina lake la pa sabata, chifukwa munthu amaiwala 2 koma saiwala Lamulungu. Mutu wa m'bindikiro ndi vesi lake ndazisiya dala. Ndi zofunika, koma ziikeni pa chithunzi chotumiza pafoni ndi pa bolodi, paguwa zimangokwirira manambala. Ndanenanso chimene ndalamayo ikulipira, popeza kholo likamva K50,000 popanda kufotokoza limaganiza kuti padzabweranso ina ya thiransipoti. Powerenga chilengezochi, msungichuma aimirire kuti anthu aone nkhope yake.

Lamulungu lililonse lotsatira musabwereze mawu omwewo, anthu amatseka makutu. Sinthani chiganizo chimodzi, cha mipando. "Mipando inali 48, yatsala 19." Chiganizo chimenechi chimagwira ntchito kuposa kuchonderera konse, malinga chikhale choona. Pakati pa sabata, tumizani pepala lomwelo kwa atsogoleri a milaga, chifukwa kumlaga kholo limatha kufunsa funso limene silingafunse m'tchalitchi.

Pa WhatsApp, uthenga ukhale umodzi, wokhala ndi zonse, wotumizidwa ndi inu nokha. Chisokonezo chimayamba wapampando akalemba zake, wachiwiri wake n'kujambula mawu a mphindi zinayi, wina n'kutumiza chithunzi cha chaka chatha chokhala ndi mtengo wakale. Chinthu chikasintha, lembani uthenga watsopano wathunthu ndi tsiku pamwamba, munene kuti wakale uja watha ntchito.

Njira ya ndalama

Wolandira akhale mmodzi. Mukalola kuti aliyense wa mu komiti azilandira, padzapezeka mtsikana wolumbira kuti anapereka kwa mkulu wa kwaya, mkulu wa kwayayo n'kukumbukira kuti inde analandira koma anaigwiritsako ntchito, abweza Lachitatu. Buku la malisiti la kaboni ndi lotsika mtengo, ndipo limateteza msungichuma kuposa wina aliyense. Lamulungu lililonse awerenge ndalama pamodzi ndi mlangizi mmodzi, asainire onse, ndipo ipite kwa msungichuma wa mpingo kapena kubanki. Isagone m'chikwama cha mnyamata wa zaka 22 kwa milungu isanu. Si kuti ndi wakuba, koma kunyumba kwawo kukagwa matenda, aliyense akudziwa kuti ali ndi ndalama.

Airtel Money ndi Mpamba simungazikane, makamaka kwa amene ali ku koleji kapena makolo amene ali kutali. Koma lengezani nambala imodzi pa kampani iliyonse, pamodzi ndi dzina limene lituluke pafoni munthu asanatsimikize, kuti asatumize kwa wina. Nenani poyera kuti wotumiza awonjezere yotapira, apo ayi K50,000 iliyonse imafika yoperewera ndipo pa anthu makumi anayi zimaoneka. Vuto lalikulu ndi la mayina: ndalama imabwera kuchokera pa foni ya malume kapena ya ejenti wa pamsika, ndipo msungichuma sadziwa kuti ndi ya ndani. Lamulo likhale lakuti ukatumiza, utumizenso uthenga wotchula dzina la wopita, ndipo sunalembetse mpaka utalandira yankho. Msungichuma asakhulupirire chithunzi cha uthenga, ayang'ane ndalama imene ili mu foni mwake. Nambala ikangoyenda m'magulu, akhoza kulandira ndi foni ya uja amati "ndatumiza molakwika, ndibwezereni." Asabweze kanthu asanaone balansi.

Obwera mochedwa ndi obwerera m'mbuyo

Pa 3 Ogasiti foni yanu idzalira. Adzakhala mwana wa mkulu wampingo wolemekezeka, kapena woimba kiyibodi amene popanda iye matamando sayenda. Apa ndi pamene tsiku lomaliza la chaka chamawa limapulumuka kapena kufa. Musalimbane nazo nokha, ndinu wamng'ono ndipo mudzagonja. Komiti igwirizane lamulo mu Juni, abusa alidziwe, ndipo yankho lanu likhale lofanana kwa aliyense: "Buku linatsekedwa dzulo, koma ndikulembani pa mndandanda wodikira. Wina akasiya mpando, ndikuimbirani." Wa pa mndandanda wodikira apereke ndalama yonse nthawi imodzi, ndipo mndandandawo utsekedwe tsiku limene mukupereka chiwerengero kwa eni malo. Ndi woimba kiyibodi, njira yabwino ndi kumuyendera mu Julaye, osadikira kuti akuyeseni mu Ogasiti.

Amene anapereka yoyambira koma sanamalize pofika pa 2 Ogasiti, mpando wake upite kwa woyamba pa mndandanda wodikira. Za kubweza ndalama zilembedwe mu uthenga wa pafoni kuyambira tsiku loyamba, chifukwa zikanenedwa munthu atadandaula kale zimamveka ngati mwangopeka. Ine ndimaona kuti chilungamo ndi ichi: K20,000 yoyambira sibwezedwa, popeza inapita kale kwa eni malo ndi mwini galimoto. Yotsalayo ibwezedwe ngati munthu wanena tsiku lomaliza lisanafike. Likadutsa, akhoza kupereka mpando wake kwa wina, mtsikana kwa mtsikana, mnyamata kwa mnyamata chifukwa cha zipinda, koma adziwitse mlembi. Maliro ndi matenda ndi nkhani ina, komiti iziona payokha, ndipo mpingo sufunika kuuzidwa kuti uchite chifundo pamenepo.

Tsiku lomalizalo likhalenso la makalata a makolo. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mukupita nawo kumadzi. Kapepala kakang'ono n'kokwanira: dzina la mwana, siginecha ndi nambala ya kholo, matenda amene ali nawo monga mphumu kapena khunyu, mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati kholo likulola kuti alowe m'nyanja. Mu Ogasiti mwera umakhala usanatheretu, nyanja imatha kukalipa, ndipo ana ambiri a ku Lilongwe sadziwa kusambira ngakhale amanena kuti amadziwa. Ndalama yonse popanda kalata, kwa mwana wosakwana 18, si kulembetsa.

Lamulungu pa 9 Ogasiti chilengezo chisakambenso za ndalama. Chinene kuti buku linatsekedwa ndi anthu angati, kuti galimoto idzanyamuka pa tchalitchi 1 koloko masana kuti mukafike kusanade, ndipo idzabwerera pamalo omwewo Lamulungu 5 koloko madzulo. Chitchule zoti atenge: Baibulo, buku la nyimbo, chofunda, neti ya udzudzu, mbale, kapu ndi supuni. Nambala ya mlangizi iperekedwe kwa makolo tsiku lomwelo. Mayina a opita, ogawidwa kale kuti awa kosita yoyamba awa yachiwiri, apachikidwe pa bolodi, kuti amene akuganiza kuti analembetsa koma dzina lake palibe abwere ndi lisiti lake masiku asanu akadalipo, osati ndi chikwama Lachisanu.